Panado, brufen, fansida: kumwa kapena kusiya ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa?

"Ndili ndi mimba ya miyezi 7, dzino landigwira, ndagula brufen pa grosale. Ndimwe?"

Ayi mayi, ameneyo musiyeni kaye. Brufen ndi anzake monga diclofenac, mimba ikafika masabata 20 amatha kusokoneza impso za mwana mpaka madzi amene amakhalamo aja kuchepa, ndipo miyezi itatu yomalizayi ndiye woopsa kwambiri chifukwa amatha kutseka kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana komwe kamayenera kutsekeka akabadwa. Imwani panado, mapilitsi awiri a 500mg, padutse maola 6 musanamwenso, osapyola 8 patsiku. Koma panado sachiza dzino, pitani akalione, ndipo nenani kuti ndinu oyembekezera asanalembe kalikonse, poti ena mimba simaoneka mchitenje. Mankhwala ngati doxycycline salembera woyembekezera, amadetsa mano a mwana.

"Nanga ku sikelo ndikanene chani?"

Musakangoti ndimamwa timapilitsi toyera, anamwino sangalote. Tengani buku lanu la kuchipatala, mapaketi onse ngakhale otha, kuphatikizapo za pa grosale ndi zitsamba zimene apongozi akupatsani, mwanamphepo yemweyo, mukaziyale patebulo. Nenaninso tsiku lomwe munasamba komaliza chifukwa yankho limasintha ndi mwezi wa mimba. Pa mankhwala aliwonse kafunseni kuti ndi a chani, ndimwe mpaka liti, ndipo ndikaona chani ndibwerenso.

"Anzanga anamwetsedwa fansida, ine anandikaniza. Kukondera?"

Si kukondera. Fansida amayamba mimba ikakwana masabata 13, mapilitsi atatu kumwera pomwepo anamwino akuona, kenako pakadutsa mwezi enanso. Ndiye mwina yanu sinafike, kapena mukumwa bactrim tsiku ndi tsiku limodzi ndi ma ARV. Bactrim ndi fansida ndi apachibale, sawaphatikiza, komanso bactrim yemweyo akukutetezani kale ku malungo.

"Ndimamwa mankhwala a khunyu, ndazindikira kuti ndaima. Ndisiye?"

Musasiye nokha chonde, kugwa muli ndi mimba nkoopsa kwa inu ndi mwana yemwe. Pitani sabata yomwe ino. Ngati ndi sodium valproate adokotala adzafuna kuona zosintha poti amatha kulumaza msana wa mwana. Ma ARV nawonso osadumphitsa, za BP kawonetseni, ena amasinthidwa.

"Ndabereka, ndikuyamwitsa. Brufen uja akadali woletsedwa?"

Apa ndiye anthu amadabwa, pano mutha kumwa, amapita mumkaka pang'ono zedi. Panado nayenso ali bhobho. Wopewa ndi codeine, yemwe amabisala m'mapilitsi ena opha ululu, choncho werengani paketi kapena funsani ku famase. Mukayamba mankhwala atsopano muzimuyang'ana mwana, akamagona mosadzuka, kufooka poyamwa kapena kupuma movutika, thamangani naye kuchipatala mutatenga paketiyo.