Mfundo ya mnzanu muilimbitse kaye musanaitsutse

M'zimangirizo za mtsutso zomwe ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 amalemba, ndime imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi imene imayamba ndi mawu akuti "Ena amanena kuti". Apa ndi pamene wolemba amayenera kutionetsa maganizo a anthu omwe akutsutsana nawo. Koma kawirikawiri chotsatira chake chimakhala mfundo yopepuka, yoti palibe munthu woganiza bwino angaiimire kumbuyo, ndipo m'chiganizo chachiwiri wolembayo amaigwetsa mosavuta. Zomwezi timazimva pa mipikisano ya mtsutso, pa mapulogalamu a wailesi oimbira foni, ngakhale m'Nyumba ya Malamulo. Vuto lake n'lakuti wogwetsa mfundo yopepuka amakhala asanatsutse munthu aliyense. Mwini maganizo enieniwo amachoka pamalopo osakhudzidwa, ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti, "Sanandimve n'komwe."

Mwambo womwe ndimaphunzitsa ndi uwu: musanatsutse, nenani maganizo a mnzanuyo molimba, momveka, mpaka iye mwini avomere kuti ndi zomwedi akutanthauza. Katswiri wina wa masamu yemwenso ankafufuza za mikangano, Anatol Rapoport, anauika bwino mwambowu cha m'ma 1960. Iye anati wotsutsa ayambe wasonyeza mnzake kuti wamumvetsa, kenaka anene poyera malo pomwe mfundo ya mnzakeyo ndi yoona. Kwathu kuno si zachilendo. Nkhoswe yodziwa ntchito yake imayamba yabwereza dandaulo la mbali iliyonse, n'kufunsa kuti, "Ndanena bwino kodi?", isanayambe kudzudzula wina.

Titenge mutu womwe umatenthetsa magazi m'dziko muno: boma lithetse pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo. Pulogalamuyi inayamba ndi makuponi m'chaka cha ulimi cha 2005/06, nthawi ya Bingu wa Mutharika, dziko litangokumana ndi njala. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera linaikulitsa, ndipo mlimi ankapereka K4,495 pa thumba la makilogalamu 50. Tiyerekeze kuti inu mukufuna pulogalamuyi ipitirire, ndipo mwapatsidwa ntchito yoiteteza.

Wolemba wothamanga amati: "Ena amanena kuti feteleza wotsika mtengo athe chifukwa salabadira amphawi. Iwo amakhala m'tauni, amagula ufa m'sitolo, ndipo njala saidziwa." Taonani bwino, m'ndimeyi mulibe mfundo ya otsutsa ngakhale imodzi. Muli mtima woipa womwe wolembayo wawapangira. Choncho choyamba kuchita ndi kusiyanitsa zomwe munthu akunena ndi zomwe mukumuganizira. Chotsani mawu onse okamba za mtima wake, komwe amakhala, chipani chake, kapena yemwe akumulipira. Ngati pambuyo pake papepala sipatsala kanthu, ndiye kuti simunawerenge mbali yawo, ndipo muyenera kubwerera kukawerenga.

Powerengapo, musafune munthu wofooka kwambiri wa mbali imeneyo. Funani amene ali ndi chidziwitso: wa zachuma yemwe waona bajeti, mlangizi wa zaulimi yemwe amayenda m'minda, mlimi yemwe analembedwa dzina koma feteleza n'kumulandira mochedwa. Ndiye dzifunseni kuti, munthu ameneyu akuopa chiyani? Pa nkhani iyi mupeza kuti akuopa chomwe inunso mukuopa, njala. Kusiyana kwanu kuli pa njira. Mukazindikira zimenezi, ndime yanu imasintha n'kukhala motere:

"Ofuna kuti pulogalamuyi ithe sakunena kuti mlimi asiyidwe yekha. Akunena kuti ndalama za boma n'zochepa, ndipo pulogalamuyi yakhala ikutenga gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi, n'kusiyira zochepa alangizi, kafukufuku ndi ulimi wamthirira. Fetelezayo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe dziko likusowa, ndipo kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, boma limalipira zambiri pa matumba omwewo. Feteleza amathandiza pokhapokha atafika pa nthawi yake, pa nthaka yosaguga, mvula n'kugwa bwino. Chaka cha ng'amba ndalama zonsezo zimapsera m'munda, ndipo boma limafunanso ndalama zina zogulira chimanga chothandizira anthu. Mlimi wosaukitsitsa, amene m'nyumba mwake mulibe ufa mwezi wa Disembala, amagulitsa mwayi wake kwa mavenda kuti adye lero. Ndipo chaka chilichonse ntchitoyi imayambira pachiyambi, pamene ngalande ya madzi ikamangidwa imagwira ntchito zaka zambiri."

Ndimeyi ndi yoopsa kwa inu woteteza pulogalamu, ndipo ikuyenera kutero. Ngati simunachite nayo mantha pang'ono poiwerenga, mwina mwabisa mfundo yawo yamphamvu koposa. Njira yoyesera ndi yosavuta. Ipatseni munthu wa mbali imeneyo, osamuuza mbali yanu, ndipo mumufunse zinthu ziwiri: kodi pali chomwe angachotse, ndipo pali chomwe chasowa? Akakufunsani ngati muli mbali yake, ndime yatheka. M'kalasi ndimawakhazika awiriawiri otsutsana, ndipo palibe amaloledwa kuyankha mnzake asanati, "Eya, ndi zimenezo." Ophunzira amadabwa kuona kuti nthawi yambiri imathera pamenepa, chifukwa wina amabweza mnzake kangapo kuti, "Ayi, sindinanene choncho."

Tsopano pakubwera ntchito yomwe ambiri amaidumpha, yovomera zomwe zili zoona. Kuti feteleza wofika mochedwa sathandiza mokwanira, n'zoona, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chitangomera, wobereketsa n'kutsatira patapita masabata atatu kapena anayi. Kuti amagulidwa ndi ndalama zakunja, n'zoonanso. Musalimbane nazo zimenezi. Mukakana chinthu chomwe omvera onse anachiona ndi maso awo, amasiya kukukhulupirirani ngakhale pa mfundo zomwe mukunena zoona.

Mukavomera zoonazo, chotsala ndi malo enieni pomwe mukusiyana. Pano ndi funso la nthawi. Mfundo ya otsutsa ndi yolimba tikamayang'ana zaka khumi zikubwerazi. Imafooka tikayang'ana dzinja likubwerali. Pamenepo ndi pomwe yankho lanu liyenera kugunda. Mutha kunena kuti damu ndi ngalande zimatenga zaka kuti zimangidwe, ndipo sizingafike pamunda uliwonse, pomwe banja liyenera kukolola chaka chino. Mutha kunena kuti zokolola zikachepa, chimanga chogula kunja chimafunanso ndalama zakunja zomwezo, ndipo n'cholemera kunyamula kuposa feteleza amene akadachibereketsa. Muthanso kufunsa otsutsawo funso lomwe ndime yawo sinayankhe: pa zaka za pakati, pulogalamu itatha koma mthirira usanafike, mlimi wa ekala imodzi adzathira chiyani?

Onaninso chomwe chachitikira mfundo yanu. Munayamba ndi yakuti pulogalamu ipitirire basi. Pano simungathenso kunena choncho mosaika malire, chifukwa mwavomera nokha kuti ili ndi zilema. Mfundo yanu yafupika n'kukhala yakuti ipitirire, koma ilunjike kwa alimi omwe ali ndi munda ndi mphamvu zolimira, feteleza afike mvula isanagwe, osaukitsitsa athandizidwe m'njira ina monga mtukula pakhomo, ndipo gawo la bajeti lipatulidwe la mthirira. Ophunzira ena amaona ngati kumeneku n'kugonja. Ine ndimapereka malikisi ochuluka pa chimangirizo chotere, chifukwa mfundo yokhala ndi malire ndi yovuta kuigwetsa, ndipo ikusonyeza kuti wolembayo waganiza. Nthawi zina wolemba amafika posintha mbali. Pa mpikisano sangatero, chifukwa mbali amachita kupatsidwa, koma pa nkhani yolemba mwaufulu palibe cholakwika.

Mbali inayo ili ndi ngongole yomweyo. Wofuna pulogalamu ithe asamangoti oiteteza akugula mavoti. Ayambe wanena bwinobwino chifukwa chake mayi wa kumudzi, yemwe thumba la feteleza pa mtengo wa m'sitolo sangalikwanitse, amaona pulogalamuyi ngati chinthu chokhacho cha boma chomwe chimafika pakhomo pake.

Pali njira ziwiri zomwe mwambowu umasokonekera, ndipo zonse zimaoneka papepala. Yoyamba ndi kuthira chiphe m'mawu. Wolemba amanena mfundo ya mnzake molondola, koma ndi timawu tonga "amangoti", "amadzinamiza kuti", "akuti eti". Timawu timeneti timauza wowerenga kuti asakhulupirire zomwe zikubwera, ndiye kuti mwatsutsa musanafotokoze. Lembani "akunena kuti" kapena "akuona kuti", ndipo kutsutsa kudikire ndime yake. Yachiwiri ndi yobisika kwambiri. Pofuna kulimbitsa mfundo ya mnzanu, mumaisintha n'kukhala ina yomwe iye sakuikhulupirira. Mwachitsanzo, iye akuti pulogalamu itheretu, inu n'kulemba kuti akufuna ikonzedwe, chifukwa kwa inu zimenezo ndiye zanzeru. Mukatero mukutsutsana ndi maganizo anu omwe, ndipo mwamulanda munthuyo mawu ake. Muli ndi ufulu womupezera zifukwa zabwino ndi umboni woposa womwe iye anabweretsa, koma chomwe akufuna kuti chichitike chikhale chomwecho.

Za kutalika kwake, musapitirire muyeso. Ngati mwapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri zoyankhula, mphindi imodzi ikukwana kunena mfundo ya anzanu ndi zomwe mukuvomera. M'chimangirizo, ndime imodzi m'thunthu ikukwana, ndipo yankho lanu litsatire pomwepo, lotalikirapo. Kuwerenga ndi kukonzekera ndiye kumatenga nthawi yaitali, ndipo zambiri mwa zomwe mwapeza sizifika papepala.

Mwambowu uli ndi malire ake, ndipo pano ndimalimbikira kwambiri. Umagwira ntchito pomwe anthu oganiza bwino akusiyana pa njira, pa chomwe chiyambe, kapena pa umboni womwe sunamveke mbali imodzi. Sugwira pa bodza lomwe likupha anthu. Chikhulupiriro chakuti ziwalo za anthu achialubino zimabweretsa chuma chaphetsa abale athu m'dziko muno, ndipo palibe zifukwa zabwino zoti muchipezere. Wolemba za nkhani imeneyi afotokoze molondola chomwe okhulupirirawo amanena, amene amawauza, ndi umphawi kapena dyera lomwe limawakoka, kuti yankho lake lifike pomwe pali vuto. Koma asalembe ndime yochiveka chikhulupirirocho nzeru, ndipo mphunzitsi asachiike pa bolodi ngati mutu wa mtsutso wokhala ndi mbali ziwiri.