Zimene mowa umachita m'chiwindi cha munthu amene akumwa mankhwala a TB

Pakatha milungu itatu kapena inayi munthu atayamba kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, amayamba kudzimva ngati wachira. Kutsokomola kumachepa, thukuta la usiku limaleka, ndipo nsima imene ankangoiyang'ana imayamba kulowa bwino. Nthawi imeneyi ndi imene ife ogwira ntchito m'chipatala timaiopa kwambiri kwa odwala amene ankamwa mowa asanadwale, chifukwa mphamvu zikangobwerera, anzawo a kumowa nawonso amabwerera. Tsoka lake n'lakuti milungu yomweyi ndi imene chiwindi chimakhala chitasenza katundu wolemera kuposa nthawi ina iliyonse pa chithandizo chonse.

Munthu wamkulu amene TB yake imamva mankhwala amalandira chithandizo cha miyezi 6. Miyezi iwiri yoyamba amamwa mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi, ndiwo rifampisini, isoniyazidi, pirazinamidi ndi ethambutolo, ndipo miyezi inayi yotsalayo amapitiriza ndi awiri oyambawo. Mwa anayiwa, atatu amatha kuvulaza chiwindi. Ethambutolo yekha ndi amene sachivutitsa kwenikweni, koma iye timamuyang'anira pa nkhani ya maso. Odwala ambiri amatsiriza chithandizo popanda vuto la chiwindi, ndipo sindikufuna kuti wina aope mankhwalawa, pakuti TB yosachiritsidwa imapha. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mmene mowa umachotsera munthu m'gulu la ambiriwo n'kumuika m'gulu la ochepa amene chiwindi chawo chimatupa.

Chiwindi chili kumanja kwa mimba, kunsi kwa nthiti, ndipo chilichonse chimene chalowa m'magazi kuchokera m'matumbo chimayamba chadutsa mmenemo. Ntchito yake pa mankhwala ndi kuwaphwanya kuti thupi lithe kuwatulutsa. Pophwanya isoniyazidi pamatsala tizidutswa tina timene ndi poizoni kwa maselo a chiwindi chomwecho. Kwa munthu wosamwa mowa, tizidutswati timatuluka pang'onopang'ono, ndipo chiwindi chimakhala ndi chozimitsira chake, chotchedwa gulutathayoni, chimene chimatigwira tisanawononge kanthu.

Mowa umasokoneza dongosololi mbali ziwiri. Munthu akamamwa kawirikawiri, chiwindi chimachulukitsa chimodzi mwa zophwanyira zake, enzayimu yotchedwa CYP2E1, kuti izithandiza kuphwanya mowawo, koma enzayimu yomweyo ndi imodzi mwa zimene zimasandutsa zotsalira za isoniyazidi kukhala poizoni. Komanso mowa umatha gulutathayoni uja, makamaka kwa munthu amene sadya mokwanira, ndipo tikudziwa kuti wakachasu nthawi zambiri amagona ndi njala. Choncho poizoni amachuluka pamene chomuzimitsira chachepa. Rifampisini nayenso amafulumizitsa maenzayimu a chiwindi, pirazinamidi amaonjezera kuvulaza kwake, ndipo ngati munthuyo wamwa kwa zaka zambiri, chiwindi chake chimakhala kuti chinadzaza kale mafuta kapena chinayamba zipsera, moti sichikhala ndi mphamvu yotsala yopirira zonsezi.

Anthu amakonda kundifunsa ngati masese kapena chibuku zili bwinoko poyerekeza ndi kachasu, poti ena amati mowa wamasese ndi chakudya. Chiwindi sichiona mtundu wa mowa kapena mtengo wake. Chinthu choledzeretsa chili m'masese ndi chomwecho chili m'kachasu ndi m'mowa wa m'botolo, ndipo kusiyana kuli pa kuchuluka kwake basi. Wakumwa chipanda tsiku lonse akhoza kulowetsa chochuluka kuposa amene wamwa kabotolo kamodzi ka kachasu.

Ndifotokoze za bambo wina amene ndinamuthandiza, amene sindimutchula dzina. Anali wa zaka za m'ma 40, wogulitsa makala, ndipo ankalemera makilogalamu 51, kotero kuti ankamwa mapiritsi atatu m'mawa uliwonse asanadye kanthu. Tsiku loyamba nditamufunsa za mowa anayankha kuti amangolawa mwa apo ndi apo, ndipo mkazi wake, amene anali womuyang'anira pa kamwedwe ka mankhwala, anangoyang'ana pansi osanena kanthu. Milungu itatu yoyamba khadi lake linali lochongedwa tsiku ndi tsiku. Pa mlungu wachinayi kunachitika chinkhoswe cha mphwake, ndipo iye anaganiza mwanzeru zimene odwala ambiri amaganiza: popeza anauzidwa kuti mankhwala ndi mowa siziyenderana, anasiya mankhwala Loweruka kuti amwe bwino, n'kuwasiyanso Lamulungu kuti mowa uthe m'thupi. Lolemba anadzuka ndi matsire, anamwa mapiritsi ake m'mimba mopanda kanthu ndipo anawasanza. Anamwa panado kuti mutu uleke.

Maganizo amenewa ndi amene ndimalimbana nawo kwambiri, chifukwa amaoneka ngati kusamala pamene akuwononga mbali zonse ziwiri. Kudumpha mankhwala tsiku lomwa mowa sikuteteza chiwindi, pakuti kusintha kumene mowa umachita pa maenzayimu ndi pa gulutathayoni sikutha m'mawa mwake, kumakhala masiku angapo, ndipo mapiritsi a Lolemba amakapeza chiwindi chili chofooka. Panado naye amaphwanyidwa ndi enzayimu yomwe ija n'kumadya gulutathayoni yemweyo, choncho pomwa panado wa matsire bamboyu ankathira nkhuni pamoto. Mbali inayo, tizilombo ta TB timene tinali titayamba kufa tinapeza masiku atatu opumira.

Zimenezi zinabwerezeka kumathero a milungu iwiri yotsatira. Kenaka chilakolako cha chakudya chinatha, nseru sinkachoka, ndipo ankamva kulemera kunsi kwa nthiti zakumanja. Iye ankati ndi matsire, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi yeniyeni, chifukwa zizindikiro zoyamba za kutupa kwa chiwindi zimafanana kwambiri ndi matsire: kutopa, nseru, kusanza ndi kudana ndi fungo la chakudya. Munthu wosamwa akaona zimenezi amadabwa n'kubwera kuchipatala msanga, koma wakumwa amakhala ndi chifukwa chokonzeratu chozinyalanyazira. Chosiyanitsa ndi nthawi. Matsire amatha pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, pamene nseru ya chiwindi imapitirira ngakhale munthu sanamwe, ndipo imakulirakulira.

Palinso chisokonezo cha mkodzo. Rifampisini amasandutsa mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira ngati madzi a lalanje, ndipo ichi timauza wodwala aliyense kuti si vuto. Mtundu umenewu umakhala wowala ndipo umaonekera kwambiri maola ochepa munthu atamwa mapiritsi. Mkodzo wa chiwindi chodwala umakhala woderako ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa, ndipo umakhala choncho tsiku lonse. Bamboyu anaona mkodzo wake ukuda, koma anakumbukira mawu athu akuti asadandaule ndi mtundu wa mkodzo. Amene anamubweretsa ndi mkazi wake, ataona panja dzuwa likuwala kuti choyera cha m'maso mwake chasanduka chachikasu. M'nyumba ya mdima kapena pa nyali chikasu chimenechi sichioneka bwino, choncho ndimalangiza achibale kuti aziyang'ana maso a wodwala panja masana.

Poyeza magazi timayang'ana enzayimu yotchedwa ALT, imene imatayikira m'magazi maselo a chiwindi akamasweka. Kwa munthu wabwinobwino sipitirira 40 kwenikweni. Lamulo limene timatsata ndi lakuti mankhwala aimitsidwe ngati yakwera kupitirira mlingo umenewu katatu pamene wodwala ali ndi zizindikiro, kapena kupitirira kasanu ngakhale alibe chizindikiro chilichonse, komanso pamene maso achita chikasu. Ya bamboyu inali itadutsa 400. Tinaimitsa mankhwala onse, ndipo tinadikira pafupifupi milungu itatu kuti ALT itsike kufika pansi pa 80 ndi kuti chikasu chithe. Kenaka tinayamba kubwezera mankhwala amodziamodzi, rifampisini ndi ethambutolo poyamba, isoniyazidi patapita masiku angapo, uku tikuyeza magazi. Pirazinamidi sitinamubwezere chifukwa chikasu chinali chachikulu, ndipo popanda iyeyu chithandizo chimatalika kufika miyezi 9.

Tikawerengera, masiku amene anadumpha yekha chifukwa cha mowa anali pafupifupi asanu ndi anayi, amene tinamuimitsa ife anali oposa 20, ndipo chithandizo cha miyezi 6 chinasanduka cha miyezi 9. Apa zikuoneka kuti kuwonongeka kwa chiwindi ndi kudumpha mankhwala si nkhani ziwiri zosiyana, pakuti chiwindi chikatupa, ndi ife eni ake a chipatala amene timakakamizika kudula chithandizo pa nthawi imene tizilombo tikadali tambiri m'mapapo. Mowa umadumphitsanso mankhwala m'njira zina zosavuta kuziona: munthu amagona kumene waledzerera pamene mapiritsi ali kunyumba, ndalama yokwerera kukatenga mankhwala imathera kumowa, ndipo amene wadumpha masiku angapo amachita manyazi kuonetsa khadi lake, mpaka amangosiya kubwera. Akatha miyezi iwiri yotsatizana osamwa mankhwala timamulemba kuti wasowa pa chithandizo, ndipo akabwerera timayezanso makhololo kuti tione ngati tizilombo tikumvabe rifampisini. Kumwa mankhwala modumphadumpha ndi imodzi mwa njira zimene TB yosamva mankhwala imayambira, ndipo chithandizo chake chimakhala chovuta kuposa choyambachi.

Amene ali ndi HIV ayenera kusamala koposa, chifukwa chiwindi chawo chimakhala chikulandiranso ma ARV ndi bakitirimu, ndipo chimodzimodzinso amene ali ndi kachilombo kotupitsa chiwindi ka mtundu wa B. Mankhwala azitsamba amene anthu amamwa poti atsuke chiwindi amangoonjezera ntchito pa chiwalo chotopa kale.

Pali chenjezo limodzi limene silinenedwa kawirikawiri. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene manja ake amanjenjemera m'mawa mpaka atalawa, sayenera kungosiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa m'masiku atatu oyamba akhoza kukomoka ngati wakhunyu kapena kusokonezeka mutu, ndipo zimenezi zimatha kupha. Woteroyo anene zoona tsiku loyamba la chithandizo kuti apatsidwe mankhwala omuthandiza kusiya bwinobwino ndi kuti chiwindi chake chiziyezedwa pafupipafupi. Palibe amene amamanidwa mankhwala a TB chifukwa choulula kuti amamwa. Ndipo ngati wodwala waterereka n'kumwa dzulo koma lero alibe nseru, sakusanza, sakumva kupweteka kumanja kwa mimba ndipo maso ake ndi oyera, amwe mapiritsi ake monga mwa nthawi zonse, kenaka akauze achipatala kapena mlangizi wa zaumoyo zimene zachitika. Koma ngati maso achita chikasu, kusanza sikukuleka, kapena wodwala wayamba kuodzera masana ndi kulankhula zosokonekera, asamwe mapiritsi ena, ndipo achibale amutengere kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula khadi lake ndi mankhwala onse amene wakhala akumwa, kuphatikizapo a panado ndi azitsamba.