Tchaja sithira moto mofanana mpaka batire litadzaza

Anthu ambiri amati batire la lithiyamu likamachedwa kumapeto ndiye kuti tchaja yatha. Ayi ndithu, ndi mmene anaipangira. Poyamba tchaja imapereka karenti yosasintha, mphamvu ya selo, kabatire kamodzi ka mkati mwa batirelo, n'kumakwera mpaka mavoti 4.2. Ikafika pamenepo imagwira mavotiwo osawonjezera, karenti n'kumatsika yokha pang'onopang'ono. Pa selo lobulungira lalitali la mtundu wa 18650 lotchajidwa ndi karenti ya ampu imodzi, tchaja yabwino imaleka karenti ikatsikira pafupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ampuyo.

Kupitirira 4.2, lithiyamu amaundana ngati chitsulo mkati, selo limatentha, mwina kuyaka. N'chifukwa chake pamakhala kabolodi koteteza, kamene kamadula moto mavoti akakwera kwambiri, akatsika pafupi 2.5, kapena mawaya akagundana. Koma kabolodiko si tchaja, ndi mlonda womaliza tchaja ikalakwitsa.