Chifukwa chake mchere wa potaziyamu sumvera lamulo la malalanje

Tsiku limene ndimaphunzitsa za kamangidwe ka mchere, ndimayamba ndadzera pamsika wa Limbe kugula malalanje asanu ndi limodzi, ndimu imodzi ndi masawu ochepa. Ndimaika malalanje anayi patebulo moti apange sikweya, lililonse likukhudza anzake awiri. Pakati pamatsala kadzenje. Ukaponyamo sawu, limangogubuduka osakhudza onse anayi. Ukakankhiramo ndimu, malalanje amatakasuka pang'ono, koma onse amaikhudza. Ndikaonjezera lalanje lina pamwamba ndi lina pansi, ndimu ija yapeza anansi 6.

Umu ndi mmene njere ya mchere wa pandiwo ilili mkati mwake. Mcherewu, NaCl, ndi mulu wa maayoni, tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi. Ayoni ya sodiyamu ndi yaing'ono ndipo ndi ya pulasi, pomwe ya kolorini ndi yaikulu ndipo ndi ya mainasi. Zosiyana zimakokana, zofanana zimakankhana. Choncho kaayoni kakang'ono kamafuna anansi ambiri, malinga ngati kakuwakhudza onse. Kakachepetsetsa ngati sawu lija, akuluakuluwo amagundana okhaokha, mulu n'kusakhazikika.

Malire ake amachokera pa masamu a sikweya basi. Titenge R ngati mtunda wochokera pakati pa lalanje kufika pakhungu, ndipo r ukhale wa chipatso chapakati. Mbali ya sikweya yolumikiza pakati pa malalanje anayiwo ndi 2R. Mzere wodutsa pakona kufika pakona inzake ndi 2R√2, ndipo mzere womwewo ndi 2R + 2r. Ukawerengera, r/R imatuluka √2 − 1, yomwe ndi 0.414. Kutsika pamenepa, kaayoni kamakwana anansi 4 okha. Kukwera mpaka kupitirira 0.732, malo amapezeka a anansi 8, m'makona a bokosi. Wasayansi Linus Pauling anaika mfundo imeneyi poyamba pa malamulo ake a mu 1929.

Tiyese ndi miyeso ya kukula kwa maayoni imene wasayansi Shannon anasindikiza mu 1976, m'mapikomita, timiyeso tating'onoting'ono toyezera maayoni. Sodiyamu ndi 102, kolorini ndi 181. Kugawa kumatipatsa 0.56, pakati pa 0.414 ndi 0.732, ndiye tiyembekeze anansi 6. Zimaterodi. Siziyamu ndi 167, kugawa ndi 181 kumapereka 0.92, ndipo mu CsCl anansi alipodi 8. Apa ophunzira amawomba m'manja, ndipo ine ndimakondwa nawo, chifukwa kulosera za chinthu chosaoneka ndi maso pogwiritsa ntchito malalanje si chinthu chamasewera.

Kenaka ndimalemba KCl pabolodi, mchere umene umapezeka mu feteleza wa potashi. Potaziyamu ndi 138. Kugawa ndi 181 kumapereka 0.76, kupitirira 0.732. Lamulo likuti anansi 8. Koma akaunika njere zake ndi ekiselo, amapeza 6, ndendende ngati mchere wa pandiwo. RbCl, mchere wa rubidiyamu, ili pa 0.84, nayonso anansi ndi 6.

Ambiri amathamangira kunena kuti miyeso ndi yolakwika. Ayi, vuto lagona pena. Lamuloli limangotiuza kuti malo alipo, silitiuza ngati kusamukirako kuli ndi phindu. Kukokana konse kwa m'njere timakuyeza ndi nambala ya Madelung. Pa kamangidwe ka anansi 6 ndi 1.748, pa ka anansi 8 ndi 1.763. Kusiyana kwake sikufika ndi 1 peresenti yomwe. Tsono anansi 8 akapanikizana, amakankhana, aliyense n'kutalikira pang'ono kaayoni kapakati, ndipo kutalikirako kumafooketsa chikoka. Kaphindu kaja kamathera pomwepo. N'chifukwa chake pa michere 20 ya banja la NaCl ndi KCl, itatu yokha ya siziyamu, CsCl, CsBr ndi CsI, ndiyo imakhala ndi anansi 8 popanda kuipanikiza. Umboni woti mbali ziwirizi zimalimbana pafupi kwambiri ndi uwu: ukafinya KCl ndi mphamvu ya pafupifupi 2 GPa, kutanthauza pafupifupi nthawi 20,000 za mphamvu imene mpweya umatipanikiza nayo, imasintha n'kutenga anansi 8.

Palinso polephera pena. Mu AgI, siliva ndi 115, ayodini ndi 220, kugawa kumapereka 0.52, koma anansi ndi 4. Kumeneku maayoni sali ngati mipira yolimba. Siliva amakoka mtambo wa maelekitironi a ayodini, awiriwo n'kuyamba kugawana, ndipo mgwirizano wogawana umasankha mbali zoloza.

Chimene ndimauza ophunzira anga ndi chakuti asanakhulupirire yankho, aone zinthu ziwiri. Kodi nambala yagwera pafupi kapena pamwamba pa 0.732? Kodi pali chitsulo ngati siliva, kopa kapena zinki pamodzi ndi ayoni yaikulu yofewa ngati ayodini kapena salifa? Ngati yankho ndi inde pa chimodzi, alembe zimene lamulo lalosera, koma pambali pake alembenso zimene ekiselo inapeza.