Mnzanu wasiya kubweza ngongole, kalata yabwera kwa inu

Anthu akabwera kwa ine ndi kalata ya banki m'manja, mawu oyamba amakhala akuti: "Ine ndinangosaina ngati mboni." Ndikawerenga pepalalo, nthawi zambiri ndimapeza kuti sanali mboni ayi. Mboni imangotsimikiza kuti inaona munthu akusaina. Womuyimira mnzake pa ngongole amalonjeza kuti wobwerekayo akalephera, adzabweza ndi iyeyo.

Tinene kuti mnzanu anabwereka 600,000, nkubwezako mpaka kutsala 400,000, kenako zii, foni osayankha. Kalata yafika kwa inu amene munamuyimira, ikufuna 850,000.

Mudzafuna kunena kuti ayambe amusaka mwini ngongole. Zomveka, koma mapepala ambiri amakhala ndi ndime yolola wobwereketsa kulunjika kwa inu asanamutengere mnzanuyo kukhothi, ngakhale asanagulitse chikole chake. Ndipo amasankhadi amene ali ndi malipiro okhazikika. Zoti simunadyeko ndalamazo sizikupulumutsani.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa 850,000 ija. Musalipire, musasainenso chilichonse musanaitanitse pepala lomwe munasaina ndi sitetimenti ya ngongoleyo. Mwina mupeza kuti pa 400,000 pawonjezeka 150,000 ya chiwongoladzanja, chindapusa chochedwera ndi ndalama za maloya. Izi kawirikawiri zimakhala zanu, pokhapokha ngati pepala linaika malire a ndalama zomwe mungalipire. Nanga 300,000 yotsalayo? Tinene kuti ndi ngongole yachiwiri yomwe mnzanu anawonjezera inu osadziwa.

Apa mawu a m'pepala ndiwo amagamula. Ngati munayimira ngongole imodzi yotchulidwa, 300,000 imeneyo si yanu. Komanso m'malamulo a maiko ambiri, wobwereketsa akasintha mgwirizano kwambiri osakufunsani, monga kutalikitsa nthawi yobweza kapena kumasula chikole, mukhoza kumasuka, pa zonse kapena pa gawo lina. Koma mabanki amazidziwa izi. Amalemberatu kuti mukuyimira ngongole zonse za mnzanuyo, zapano ndi zam'tsogolo, ndiponso kuti mwavomereza kusintha kulikonse. Ndime imeneyi imakhala m'timalemba tating'ono, ndipo ine ndimaona kuti ndi yankhanza kwa munthu amene amangothandiza mnzake. Ngati ilimo, 850,000 yonse ikhoza kukugwerani.

Mukatsimikiza ndalama zoyenera, kambiranani zolipira pang'onopang'ono nkhani isanafike kukhothi, chifukwa chigamulo chikatuluka akhoza kulanda katundu kapena kudula malipiro anu. Mukamaliza, tengani kalata yonena kuti simulinso ndi mangawa.

Zomwe mwalipirazo mnzanu ayenera kukubwezerani, ndipo mukhoza kumusumira. Mukalipira ngongole yonse, muli ndi ufulu pa chikole chomwe wobwereketsa anasunga. Ngati omuyimira munali awiri, winayo ayenera kuperekapo gawo lake. Sungani malisiti onse, chifukwa khothi lidzawafuna, ngakhale chigamulo chokomera inu sichimupatsa ndalama munthu amene alibe.