Musanakhome Chidziwitso cha Kolera Chomasuliridwa ndi Makina

Kwa a makomiti a zaumoyo, alembi a m'makiliniki ndi onse olengeza uthenga m'makomboni ndi m'midzi ya kuno ku Chipata.

Mvula ikayamba, zidziwitso za kolera zimabwera m'Chizungu, ndipo zimafunika kufika kwa anthu tsiku lomwelo. Ambiri tiona mmene matendawa anavutitsira dziko lino kuyambira mu Okutobala 2023 mpaka mu 2024, pamene bwalo la mpira la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Choncho munthu akatenga foni n'kuponya chidziwitso mu pulogalamu yomasulira, sindimuimba mlandu. Koma chimene chatulukamo sichinapse. Chimafunika munthu wodziwa ntchito achikonze chisanapite pakhoma.

Ndinaona pepala lina litakhomedwa pafupi ndi mpope, amayi atalizungulira. Linati: "Milandu yonse ya mpando wa madzi ipereke lipoti. Patsani mwana yankho." Mayi wina anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mlanduwu ndi wa ife otunga madzi?" Makina anatenga `cases` n'kuyesa milandu ya kukhoti, `stool` n'kuyesa mpando, `solution` n'kuyesa yankho la funso. Liwu lililonse lili m'dikishonale, koma palibe limene likunena za wodwala.

Pokonza, musasinthe liwu limodzilimodzi. Werengani chiganizo cha Chizungu, tembenuzani pepala, ndipo nenani mokweza zimene mungauze mayi amene wabereka mwana wofooka pakhomo panu. Zimenezo ndizo mulembe. Pepala lija tinalilemba motere: "Aliyense amene akutsekula m'mimba chimbudzi cha madzimadzi, chooneka ngati madzi otsukira mpunga, apite naye kuchipatala msanga. Panjira muzimumwetsa madzi a moyo." Onaninso kuti tinati "muzimumwetsa". Makina amakonda kulamula ngati akulankhula ndi kamwana, "pita", "imwa", pamene pepala la boma limawerengedwa ndi mafumu ndi agogo omwe.

Pa mayina a matenda ndi mankhwala, dzanja likhale lopepuka. Kolera ikhale kolera. Mukailemba kuti "matenda a m'mimba" chabe, anthu adzayesa ndi kutsekula kwa masiku onse n'kudikira kuche, pamene kolera imatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa cha kutha kwa madzi m'thupi. Klorini ikhale klorini, isasanduke "mankhwala" wamba, chifukwa ndilo dzina limene munthu akatchule kusitolo. ORS ilembedwe monga ilili pa kapaketi, ndipo pambali pake muike dzina limene anthu amalidziwa, madzi a moyo. Kumidzi ya kufupi ndi Mwami, kumene ambiri amamvera wailesi za ku Malawi, ena amati Thanzi. Kutchula onse awiri sikulakwa.

Malo oopsa kwambiri ndi pa miyeso. Chiganizo chopotoka anthu amachiseka n'kufunsa, koma muyeso wolakwika amautsatira mwakachetechete. Madzi a moyo opangira kunyumba, pamene kapaketi palibe, ndi awa: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka tiyi ka mchere. Makina nthawi zambiri amangolemba "supuni". Pakhomo pathu supuni ndi ija yodyera phala, ya mamililita 15, pamene kasupuni ka tiyi ndi ka mamililita 5. Mayi akatsatira pepala lotere amathira mchere wochuluka katatu, ndipo mchere wambiri m'magazi a mwana wotsekula umatha kumukomola. Lembani "kasupuni kakang'ono ka tiyi" nthawi iliyonse, ngakhale zioneke zobwerezabwereza. Lita nayonso ifotokozedwe: mabotolo awiri a madzi a mamililita 500. Onjezani kuti alawe kaye, asawawe mchere kuposa misozi.

Kenako ikani mapepala awiriwo pamodzi, chala china pa Chizungu, china pa Chinyanja, n'kuyang'ana nambala iliyonse. Mphindi 30 zodikira mutathira klorini zisasanduke maola. Maola 24, amene madzi a moyo otsala ayenera kutayidwa akakwana, asasowe. Yang'ananinso mawu okaniza, chifukwa "musasiye kuyamwitsa" akataya "sa" mmodzi amakhala "musiye kuyamwitsa". Ngati nambala ya m'Chizungu momwemo ikukukayikitsani, musaikonze nokha. Funsani namwino kapena mkulu wa kiliniki, amenenso ayenera kuona pepalalo lisanatuluke.

Chomaliza, pezani munthu amene sanaone Chizungu chija. Muwerengereni kamodzi, mumupatse botolo, shuga, mchere ndi masupuni aakulu ndi aang'ono, ndipo mukhale chete. Ife titayesa, agogo ena anatenga kasupuni koyenera, koma shuga anamuunjika ngati kaphiri. Tinabwerera kukawonjezera mawu akuti "mudutsitse mpeni pamwamba kuti asalale", ndipo pepala linakhomedwa madzulo ake.