Kufuna Kupha Munthu Lachisanu, N'kumugunda Mwangozi Lachitatu

Pali kafunso kena komwe ife maloya timakonda kufunsa ophunzira malamulo akangoyamba kumene, ndipo ambiri amagwa nako. Tiyerekeze bambo wina wadana ndi mnzake mpaka wakonza zomupha Lachisanu, mpeni wagula, malo wasankha, zonse zili m'malo. Ndiye Lachitatu usiku akuyendetsa galimoto bwinobwino, sipidi yoyenera, magetsi akuyaka, sanamwe olo dontho, munthu wina wangotulukira mumdima n'kudumphira pamsewu, bamboyo waponda buleki koma zakanika, wamugunda, munthu uja wafa. Potuluka kukaona, aaa, ndi mdani wake uja. Mumtima wakondwa, mwinanso wanena kuti ntchito yapepuka. Kodi wapalamula mlandu wakupha mwadala?

Yankho ndi ayi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwakwiya kale. Munthuyu ndi woipa mtima, zimenezo palibe akutsutsa, koma khoti siliweruza kuipa mtima. Pa milandu yambiri yaupandu woimira boma amayenera kuonetsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mchitidwe woletsedwa, chomwe munthu wachita ndi thupi lake pamodzi ndi zotsatira zake, maloya amati akitasi reyasi. Chachiwiri ndi maganizo olakwa omwe anali nawo pochita chinthucho, amati menzi reya. Onsewa ndi mawu achilatini basi, asakuopseni. Chomwe anthu ambiri sadziwa n'choti sikokwanira kuti ziwirizi zingopezeka mwa munthu mmodzi sabata imodzi, zimayenera kukumana, maganizo olakwawo akhale omwe akuyendetsa dzanja pa nthawi yomwe dzanjalo likuchita choletsedwacho. Bambo wathu uja Lachitatu sankapha munthu, ankangopita kwawo. Cholinga chake chinali cha Lachisanu ndipo sichinakhudze chiwongolero ngakhale pang'ono, kukondwa kwa pambuyo pakenso sikungabwerere m'mbuyo kukasandutsa ngozi kukhala kupha mwadala. (Akanakhala kuti anapangana ndi anthu ena zomuphazo, kupanganako ndi mlandu paokha, koma imeneyo ndi nkhani ina.)

Ndipo maganizo olakwawa si chifukwa chomwe munthu wachitira chinthu, apa anthu amasokoneza kwambiri. Kaya waba kuti adyetse ana kaya waba kuti akamwere mowa, cholinga chotenga cha mwini n'kusachibwezanso ndi chimodzimodzi, chifukwacho jaji amadzachimva pothira chilango. Komanso saizi ya maganizo olakwawa imasiyana malinga ndi mlandu, pena lamulo limafuna kuti munthu anachitadi mwadala, pena zimakwanira kuti anaona kuti pali ngozi koma anapitiriza osalabadira, pena kungosasamala kopitirira muyeso. Palinso timilandu tina, makamaka ta pamsewu ngati kuthamangitsa galimoto kupyola sipidi, pomwe boma silifunika kuonetsa zomwe munkaganiza, mwachita basi mwalakwa. Koma pa milandu ikuluikulu ngati kupha, ziwiri zija zimafunika zonse.

Mlandu wakale wa ku England wa 1910, wa munthu wotchedwa White, umaonetsa mbali imodzi bwino kwambiri. Iyeyu anathira poizoni wa sayanaidi m'chakumwa cha mayi ake kuti awaphe. Mayiwo anapezekadi atafa, koma madokotala atapima anapeza kuti anafa ndi mtima, osati poizoni. Maganizo akupha analipo odzaza, imfa inachitikanso, koma imfayo sinachokere m'manja mwake, ndiye mchitidwe wa kupha sunakwanire. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wofuna kupha, osati wakupha. Funso lomwe amafunsa pamenepa ndi lophweka, akanapanda kuchita zomwe anachitazo, kodi munthuyo akanafabe nthawi yomweyo mwanjira yomweyo? Ngati yankho ndi eya, imfayo si yake.

Tsopano vuto limabwera munthu wochenjera akafuna kugwiritsa ntchito lamulo la kukumanali ngati pothawira, ndipo apa mpomwe ndikufuna tikhalitse chifukwa nkhani ya Thabo Meli imandisangalatsa mpaka lero. Zinachitika ku Basutoland, komwe pano ndi Lesotho, ndipo apilo yake inakagamulidwa ku London mu 1954, pajatu nthawi imeneyo maapilo omaliza a mayiko olamulidwa ndi Britain ankapita kumeneko. Anthu anayi, mmodzi mwa iwo Thabo Meli, anapangana zopha munthu wina kenako n'kuzikonza kuti zioneke ngati ngozi. Anamutengera m'kanyumba, anamupatsa mowa mpaka analedzerako, kenako anamumenya m'mutu. Ataona kuti wangoti zii anaganiza kuti wafa, ndiye anamunyamula n'kukamugubuduzira kuphompho, n'kukonza malowo kuti aliyense aziti anagwa yekha. Koma umboni wa madokotala unadzaonetsa kuti mabala a m'kanyumba muja sakanamupha, anali moyo pomwe ankamutaya, chomwe chinamupha ndi kuzizira atagona chikomokere pansi pa phompho paja.

Ndiye tamverani mfundo ya maloya awo, chifukwa si yopusa ayi. Anati tiyeni tigawe nkhaniyi pawiri. M'kanyumba muja anthu athuwa anali ndi cholinga chakupha, tavomera, koma kumenyako sikunaphe munthu, choncho maganizo alipo, mchitidwe wakupha palibe. Kuphompho kuja anachita chinthu chomwe chinaphadi munthu, tavomeranso, koma pa nthawiyo ankakhulupirira kuti akutaya mtembo, ndipo munthu sangakhale ndi cholinga chopha mtembo, choncho mchitidwe ulipo, maganizo palibe. Ziwiri zija sizinakumane pena paliponse, nde kupha mwadala kuli pati? Mukaziyang'ana mwa masamu zikumveka, eti?

Majaji anakana, ndipo yemwe anapereka chigamulo anali Lord Reid. Anati sizingatheke kuduladula nkhani yomwe inali imodzi. Anthuwa anakonza pulani imodzi, kumenya kunali mbali ya pulaniyo, kutaya kuphompho kunalinso mbali ya pulani yomweyo, ndipo munthu anafadi chifukwa cha zochita zawo monga ankafunira, kungoti anafa mochedwerapo kusiyana ndi mmene iwo ankaganizira. Kulakwitsa kwawo pa nthawi ya imfa sikungawapulumutse. Apilo inakanidwa. Ine ndimaona kuti anagamula bwino, ndipo taonani kusiyana kwake ndi bambo wa Lachitatu uja, chifukwa apa mpomwe pagona nkhani. Kwa Thabo Meli cholinga chakupha ndi chomwe chinayambitsa zonse, chotsani cholingacho munthu uja sakanapezeka pansi pa phompho. Kwa bambo wa galimoto chotsani cholinga cha Lachisanu, ngozi ikuchitikabe chimodzimodzi. Ndiye mukafuna kudziwa ngati ziwirizi zakumana musamangoyang'ana wotchi, funsani ngati pali ulusi wosaduka kuchokera pa maganizo olakwawo kukafika pa chovulazacho.

Makhoti anadzapitiriza mfundoyi ngakhale pomwe panalibe pulani. Mu mlandu wa Church ku England m'zaka za m'ma 1960, mwamuna anamenya mayi wina mpaka kukomoka, anayesa kumutsitsimutsa zinakanika, n'kumuponya mumtsinje, iye akuti ankaganiza kuti wafa kale, mayiyo anafa ndi madzi. Anamupeza wolakwa pa mlandu wotsikirapo wopha munthu mosakonzekera, osati wakupha mwadala, koma mfundo yoti zochitika zonsezo zikhoza kuonedwa ngati chinthu chimodzi inaima.

Nanga zikatembenuka, mchitidwe n'kuyamba, maganizo oipa n'kubwera pambuyo? Apa pali nkhani ya Fagan ya mu 1968 ku London, yomwe ophunzira amaseka nayo koma ndi yovuta kuposa mmene imaonekera. Wapolisi anauza Fagan kuti aimike galimoto pafupi ndi m'mphepete mwa msewu, Fagan poimika tayala linakwera paphazi la wapolisiyo. Khoti silinathe kutsimikiza kuti kukwerako kunali kwadala, ndiye tinene kuti inali ngozi. Wapolisi anakuwa kuti choka paphazi langa, Fagan anamutukwana n'kumuuza kuti adikire, injini inali itazima, ndipo panapita kanthawi asanailize n'kubwerera m'mbuyo. Loya wake anati pokwera paphazi panalibe cholinga, pomwe cholinga chinabwera munthu wanga sanachite kalikonse, anangokhala phee, ndipo kungokhala si kumenya munthu. Majaji awiri anati ayi, tayala kukhala paphazi ndi mchitidwe wopitirira, unayamba pomwe linakwera ndipo sunathe mpaka linachoka, ndiye Fagan atadziwa n'kusankha kulisiya pompo maganizo olakwa anaupeza mchitidwewo ukadali mkati. Anamupeza wolakwa pa mlandu wochitira nkhanza wapolisi ali pantchito.

Jaji wachitatu, Bridge, sanagwirizane nawo, iye anati atayang'anayang'ana sanapeze chomwe Fagan anachita tayala litakwera kale, galimoto inkapondereza phazi ndi kulemera kwake yokha. Kunena zoona mfundo yake ili ndi mphamvu, ndipo mu 1983 khoti lalikulu la ku England linapeza njira ina yomwe ine ndimaiona yoongoka. Munthu wotchedwa Miller anagona ndi ndudu yoyaka m'nyumba ya eni, anadzuka matiresi akufuka, m'malo mozimitsa anangosamukira chipinda china n'kukagonanso, nyumba inagwira moto. Khoti linati ukayambitsa ngozi olo mosadziwa, ukangozindikira uli ndi udindo wochitapo zomwe ungathe kuti uithetse, ndipo kusachitapo kanthuko ndi komwe kumakhala mchitidwe wolakwa, pa nthawi yomwe maganizo olakwa aliponso.

Mwina mukufunsa kuti khoti limadziwa bwanji zomwe zinali m'mutu mwa munthu pa mphindi imeneyo, poti palibe amavomera. Limayang'ana zooneka, chida chomwe anagwiritsa ntchito, pomwe anamenya pathupi, kangati, zomwe ananena asanachite ndi atachita, ngati anathawa kapena anaitana thandizo. N'chifukwa chake mumamva maloya akulimbana ndi mboni pa tinthu tooneka tachabechabe, ngati anatukwana injini isanazime kapena itazima, anatola mwala asanakankhidwe kapena atakankhidwa, anthu kumbuyo kuja n'kumadandaula kuti akutaya nthawi. Ndondomeko ya timphindi timeneti ndi yomwe imasiyanitsa ngozi, kupha mosakonzekera ndi kupha mwadala. Ndipo udindo wotsimikizira zonsezi, mchitidwe, maganizo, komanso kuti zinakumana, uli kwa woimira boma, mopanda kusiya chikaiko chomveka, monga makhoti a ku England anatsindika mu mlandu wa Woolmington mu 1935, pomwe mwamuna anati mfuti inalira mwangozi n'kupha mkazi wake ndipo jaji woyamba analakwitsa pouza anthu wamba osankhidwa kuweruza mlanduwo kuti mwamunayo ndiye atsimikize kuti inalidi ngozi. Chigamulo chomupeza wolakwa chija chinafafanizidwa pa apilo.